Ulendo wokondwerera zaka 40 za mnzanu: njira zinayi zoukonzera pamene matumba ndi zokonda zikusiyana

Mnzanu akamakwanitsa zaka 30, 40 kapena 50, gulu silichedwa kugwirizana kuti chaka chino keke yokha sikwanira, pakufunika ulendo. Nkhani imayamba kuvuta tsiku limene wina watumiza chithunzi cha malo ogona limodzi ndi mtengo wake. Ena amayankha nthawi yomweyo kuti tilipire lero, ena amangoti zii. Amene akhala chetewo nthawi zambiri ulendo amaufuna ndithu, koma awerengera za m'thumba mwawo ndipo akuchita manyazi kunena pagulu kuti sangakwanitse. Pamwamba pa ndalama palinso zokonda. Wina akufuna kuvina mpaka mbandakucha, wina sakumwa mowa ndipo 10 koloko ikakwana amafuna bedi, wina akufuna kukwera phiri, wina akungofuna mpando ndi macheza.

Pali njira zinayi zimene magulu a anzawo amakonda kutsata. Kuti tiziyerekeze bwino, titenge gulu limodzi n'kuliyesa pa njira iliyonse. Manambala amene ali m'munsimu ndi achitsanzo chabe ndipo sindinawaike dzina la ndalama. Chofunika ndi mmene akukhalira poyerekeza ndi anzake, ndiye inu muikepo mitengo yeniyeni ya kumene mukupita.

Gululi lili ndi anthu 8, kuphatikizapo mwini tsiku. Agwirizana kuti iye asalipire kanthu, choncho olipira ndi 7. Wokonza ulendo wafunsa aliyense kumbali, osati pagulu, funso limodzi: ndalama yochuluka imene ungawononge pa ulendo wonsewu popanda kukongola ndi zingati? Awiri ati 300, atatu ati 500, awiri ati 900. Kufunsa kumbaliku musakudumphe. Mukafunsa pagulu, woyamba kuyankha amakhala amene ali ndi zambiri, ndipo otsatira amakweza nambala yawo kuti asaoneke otsalira. Ndalama yokwezedwa ndi manyazi ija sipezeka tsiku lolipira.

Ulendo wake ndi wogona masiku awiri, kunyamuka Lachisanu madzulo, kubwerera Lamlungu. Zofunika zake ndi izi: nyumba ya lendi ya zipinda zinayi 960, mafuta a galimoto ziwiri 240, zakudya zophika pa nyumbapo 320, chakudya chachikulu cha Loweruka madzulo ku lesitilanti 45 munthu mmodzi, kutanthauza 360, ndiponso keke ndi zokongoletsa 80. Zonse pamodzi ndi 1,960. Kenako pali zokhumba za anthu osiyanasiyana: kukwera boti 60 munthu mmodzi, kotikita minofu 90, kokavina usiku 50.

Njira yoyamba: zonse limodzi, bilu mofanana

Iyi ndi imene imabwera yokha m'maganizo, chifukwa imaoneka yachilungamo ndiponso yosavuta kuwerengera. Aliyense aikapo chimene akufuna, zonse zilowa m'ndondomeko, gulu liyenda limodzi kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndipo ndalama zigawidwa mofanana.

Tiwerengere. Boti, kotikita minofu ndi kovina ndi 200 munthu mmodzi, anthu 8 ndi 1,600. Tikaphatikiza ndi 1,960 uja tikupeza 3,560. Kugawa kwa anthu 7, aliyense alipira 509. Nambala imeneyi yadutsa malire a anthu asanu mwa 7. Awiri a 300 aja sangayese n'komwe, ndipo adzapeza chifukwa chaulemu, za kuntchito kapena za ana, n'kutsala.

Apa ndi pamene ambiri sawerengera. Anthu awiri akatsala, nyumba sitsika mtengo. Anthu 6 ndi katundu wawo afunabe galimoto ziwiri, keke ndi yomweyo. Zinthu zitatu zimenezi, 1,280, sizisuntha kaya mupite angati. Zimene zimatsika ndi za pamutu pa munthu zokha, zomwe ndi 285 aliyense, ndipo kwa anthu 6 ndi 1,710. Zonse 2,990, olipira tsopano ndi asanu, aliyense 598. Ndiye kuti kutsala kwa awiri kwakweza mtengo kuchoka pa 509 kufika pa 598, ndipo atatu a 500 aja nawonso ayamba kuganiza zotsala. Maulendo ambiri a mtunduwu amafera pamenepa, popanda mkangano uliwonse, anthu akungochoka mmodzimmodzi.

Palinso vuto lina ndi bilu yogawana mofanana. Mu 2004 katswiri wa zachuma Uri Gneezy ndi anzake awiri anasindikiza kafukufuku mu magazini ya Economic Journal. Ankaika anthu 6 osadziwana patebulo limodzi m'lesitilanti. Amene anauzidwa kuti bilu agawana mofanana anaitanitsa zinthu zodula ndi pafupifupi 36 peresenti kuposa amene aliyense ankalipira zake. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ukaonjezera chakumwa chimodzi, iwe umalipirako kachigawo kochepa, zotsalazo amakusenzera anzako. Anthu okondana amadziletsa kuposa osadziwana, koma amene sakumwa mowa ndipo waitanitsa mbale yotchipa amaonabe kuti akulipirira ena.

Njira imeneyi imayenda pokhapokha ngati malire a onse ali moyandikana, tinene wotsika ndi wokwera asasiyane kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiponso gulu likhale laling'ono lokonda zofanana. Pa gulu lathuli siyoyenera.

Njira yachiwiri: aliyense zake, tikumane pa chakudya

Ena akaona vutoli amathamangira mbali inayo. Amasankha tauni ndi masiku, aliyense adzipezere chipinda ku hotela imene angakwanitse, adye kumene akufuna, onse akumane Loweruka madzulo. Ubwino wake ulipo ndithu. Palibe amene amasunga ndalama za anzake, wina akasintha maganizo sakweza mtengo wa ena, ndipo ofuna zapamwamba amazipeza osapepesa kwa aliyense. Ngati ena akubwera ndi amuna kapena akazi awo, kapena akuchokera kutali mosiyanasiyana, njirayi imachotsa mavuto ambiri.

Koma kwa wa ndalama zochepa siyotchipa monga imaonekera. Tinene kuti awiri agawana chipinda cha 130 usiku umodzi, aliyense walipira 130 pa masiku awiri. Popanda khitchini, zakudya zina zisanu za pa ulendowu ayenera kugula zophikaphika, tinene 20 chilichonse, ndiye 100 m'malo mwa 40 ya kuphika limodzi. Onjezani 45 ya chakudya chachikulu ndi 30 ya mafuta, yakwana 305, asanaponyepo kalikonse ka mwini tsiku. Wadutsa kale malire ake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa njirayi si ndalama. Gulu limasowa pabwalo pokhalira. Macheza enieni a anthu amene anadziwana kalekale amachitika m'mawa pomwa tiyi anthu asanasambe, kapena usiku pamene wina wayambitsa nkhani ya zaka 20 zapitazo. Aliyense akakhala ku hotela yake, mwini tsiku amathera Loweruka pa foni kufunsa kuti muli kuti, ndipo kusiyana kwa matumba kumaonekera poyera pamene ena akulowera ku hotela yaikulu, ena akukwera galimoto kupita kwina.

Njira yachitatu: thunthu la onse, nthambi za ofuna

Iyi ndi imene ine ndingasankhire gulu ngati ili, ndipo ndi yofunika kuifotokoza bwinobwino. Ulendo mumaugawa pawiri. Thunthu ndi zinthu zimene aliyense alipira ndipo aliyense adzakhalapo: pogona, mayendedwe, zakudya za pa nyumba, keke ndi chakudya chachikulu. Nthambi ndi zina zonse, ndipo amalipira ndi okhawo amene apita. Lamulo lake ndi limodzi: mtengo wa thunthu umayezedwa ndi thumba la wotsikitsitsa, osati la wapakati.

Thunthu lathu ndi 1,960 uja. Kugawa kwa 7 ndi 280 aliyense. Wina anganene kuti zatheka, popeza 280 ili pansi pa 300. Sizinatheke. Pa ulendo uliwonse pamatuluka zinthu zosayembekezeka, monga malo oimika galimoto, madzi oundana, tekisi ya usiku, tambula yosweka imene mwini nyumba adzadula pa chikole. Mukaikapo ndalama yapadera ya 25 aliyense, yafika 305. Ndi bwino kuti thunthu lisadutse magawo anayi mwa asanu a malire a wotsikitsitsa, apa ndiye kuti 240, kuti naye atsale ndi kena kogulira chakumwa osayang'ana m'chikwama kawiri.

Kuti mutsitse 280 kufika pa 240 popanda kusintha nyumba, gwiritsani ntchito zipinda. Palibe nyumba imene zipinda zake zonse n'zofanana, ndiye palibe chifukwa choti zilipiridwe mofanana. Mu nyumba yathuyi ziwiri zili ndi bafa m'kati, chimodzi n'chapakatikati, chimodzi n'chaching'ono cha mabedi osanjikizana. Mwini tsiku agona m'chipinda chabwino koposa ndi mnzake mmodzi. Olipira atatu a m'zipinda za bafa apereke 170 aliyense, awiri a chapakati 130, awiri a chaching'ono 95. Zonse zikukwana 960 ndendende. Zotsala za thunthu ndi 1,000, zomwe pogawa kwa 7 ndi 143 aliyense. Choncho wa chipinda chaching'ono alipira 238, wa chapakati 273, wa cha bafa 313. Ndi 25 yapadera ija, ndi 263, 298 ndi 338. Aliyense ali m'kati mwa malire ake.

Chimene ndimakondera njira ya zipindayi n'chakuti palibe amene akupatsidwa chithandizo. Wolipira zambiri walandira bafa lake, wolipira zochepa wavomera kukwera bedi lapamwamba. Lengezani mitengo ya zipinda kwa onse nthawi imodzi, aliyense asankhe pouza wokonza kumbali. Wokonzayo, amene akudziwa malire a anthu, aonetsetse kuti chipinda chotchipa chapita kwa amene akuchifunadi, osati kwa wa 900 amene wangofulumira kuyankha.

Tsopano ndondomeko ya masikuwo.

Lachisanu musaikepo chilichonse cholipira pasadakhale. Anthu amafika nthawi zosiyana, otopa ndi ntchito ndi msewu, ndipo tebulo losungitsa 7 koloko limangobweretsa kuimbirana mafoni mokwiya. Pakhale chakudya chosavuta chimene chingadikire pamoto, wofika adye.

Loweruka chakudya cha m'mawa chikhale cha m'ma 9:30, cha onse. Odzuka m'mamawa ali ndi maola atatu oyenda kapena kuthamanga asanasokoneze aliyense. Kuyambira 11 koloko mpaka 4 koloko ndi nthawi ya nthambi, ndipo apa pali mfundo imene imasiyanitsa ndondomeko yabwino ndi yopweteka: nthambi zizichitika nthawi imodzi, osati motsatizana, ndipo imodzi mwa izo ikhale yaulere koma yokonzedwa mofanana ndi zinazo. Mukalemba kuti "11 koloko boti, osafuna atsale pa nyumba", mwawauza awiri aja kuti iwo ndi otsalira. Lembani kuti 11 koloko pali zitatu: boti, kotikita minofu, kapena kuyenda wapansi kukafika pamalo akutiakuti ndi chakudya chonyamula. Ulendo wapansiwo ukhale ndi woutsogolera, nthawi yonyamukira ndi kumene ukuthera. Mudzaona kuti ngakhale wina wa 900 ausankha, ndipo zikatero palibenso amene angadziwe kuti wasankha chifukwa cha ndalama ndani.

Mwini tsiku asankhe nthambi imodzi yekha, asamuduleduleni kuti aonekere ponseponse. Mtengo wake pa nthambiyo agawane amene apita naye. Akasankha boti ndipo apita anthu anayi, ndi 240, olipira atatu, aliyense 80. Nambala ya 80 imeneyi anthu aidziwe asanalembetse, osati ali pa doko. Funsaninso eni boti ngati mtengo ndi wa pamutu kapena wa boti lonse, chifukwa ngati ndi wa boti lonse, kuchepa kwa okwera kumakweza gawo la aliyense ngati mmene zinachitikira ndi nyumba ija.

Kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko musaikepo kanthu. Anthu 8 pa mabafa atatu amafuna nthawi, ndipo wina amafuna kugona pang'ono. Magulu ambiri amadzaza maola awiriwa ndi kena kake, kenako amafika pa chakudya chachikulu mochedwa, atatopa.

6:30 madzulo ndiye pachimake pa ulendo wonse, ndipo pachitikire pa nyumba, musanapite ku lesitilanti. Keke, mawu a aliyense kwa mwini tsiku, mphatso, zithunzi. Pa ola limeneli onse alipo, onse ali bwinobwino, wogona msanga sanayambe kusinza, ndipo palibe phokoso la matebulo ena. Mukasungira keke kumapeto kwa chakudya, imadulidwa 10 koloko ena akuyang'ana kale za tekisi. Malesitilanti ena amalipiritsanso mukabwera ndi keke yanu.

Ku lesitilanti, 7:30 kapena 8 koloko, gwirizanani nawo pasadakhale za chakudya cha mtengo umodzi pa munthu, chokhala ndi mitundu iwiri kapena itatu yosankhapo, ndipo muwauze za amene sadya zinazake. Funsani ngati 45 uja akuphatikiza msonkho ndi ndalama ya operekera zakudya, chifukwa malo ambiri amaonjezera yokha pa gulu lalikulu. Mowa ukhale pa bilu yakeyake ya okumwa okha, ndipo woperekera zakudya auzidwe zimenezi musanakhale pansi. Kulekanitsa bilu pamapeto, anthu atamwa, ndi kumene kumaononga madzulo abwino.

Ikadutsa 10 koloko, nthambi yomaliza: ovina apite, ena abwerere ku nyumba. Konzeranitu za mayendedwe, kuti woyendetsa galimoto asakhale munthu amene wamwa, ndiponso kuti amene sakumwa asasanduke dalaivala wa gulu mpaka 3 koloko m'mawa popanda kufunsidwa. Tekisi yobwerera ilowe mu mtengo wa ovina. Lamlungu chakudya chimodzi cha mochedwerako, kukonza m'nyumba, kunyamuka. Yang'anani ola lotulukira pa nyumbapo musanalipire, chifukwa malo ambiri amafuna mutuluke 10 kapena 11 koloko, ndipo kwa anthu amene agona mbandakucha ndi bwino kupempha ola loonjezera pasadakhale.

Pamapeto pake wa 300 wawononga 263, wa 500 amene anakwera boti ndi kukavina ali pa 430 kapena kuposerapo pang'ono, wa 900 wawononga monga wafunira, ndipo onse anali m'chipinda chimodzi pamene keke imadulidwa.

Kuipa kwa njirayi ndi ntchito. Pamafunika munthu mmodzi wosunga chinsinsi cha malire a anzake ndi kulemba ndalama zonse, kaya m'kabuku kapena pa pulogalamu ya pa foni ngati Splitwise. Munthuyo asakhale mwini tsiku, ndipo asasenzenso zophika ndi zogula, zimenezo apatsidwe ena.

Njira yachinayi: tsiku limodzi, osagona

Nthawi zina masamu amakana. Wotsikitsitsa akanena 120, palibe kagawidwe ka zipinda kamene kangamulowetse mu ulendo wogona. Apo gulu lisankhe chimene likufuna kwambiri, ulendo kapena munthuyo. Chikondwerero cha tsiku limodzi, chokhala ndi malo aulere masana, keke, chakudya chachikulu ndi mafuta a 120, chikukwana 560, aliyense mwa 7 alipira 80. Ofuna ulendo wogona angaukonze mwezi wina, koma usatchedwe chikondwerero chenicheni. Tsiku la onse lija ndilo likhale ndi keke ndi mawu.

Pali ena amene amathetsa nkhaniyi mwa kulola wa 900 kulipirira mnzake mwakachetechete. Zimatheka, koma zidutse kwa wokonza, ndipo ndalamayo ilowe ngati yotsitsa mtengo wa chinthu cha onse, monga kuti wina wadzipereka kugula keke ndi mafuta, osati ngati mphatso kwa uje. Mu chitsanzo chathu, wina akatenga keke ndi mafuta, 320, gawo la ena 6 ndi iye yemwe pa zotsala za thunthu limatsika kuchoka pa 143 kufika pa 97.

Za chikole ndi wosintha maganizo

Njira iliyonse yogona imene mungasankhe, tsiku lolipira nyumba lisanafike aliyense apereke gawo lake la zinthu zosasuntha zija. Pa gulu lathu ndi 1,280 kugawa kwa 7, pafupifupi 183, kusinthako malinga ndi chipinda chimene munthu watenga. Gwirizanani polemba, aliyense asanatumize ndalama, kuti gawo limeneli silibwezedwa pokhapokha papezeke wolowa m'malo amene gulu lamuvomereza, kapena mwini nyumba abweze. Za pamutu, 85 ya zakudya, zibwezedwe ngati munthu wanena zogula zisanagulidwe ndiponso lesitilanti isanauzidwe nambala yomaliza.

Popanda mgwirizanowu, munthu mmodzi akatsala, thunthu limakhala 1,875 pa olipira 6, ndipo gawo la aliyense limakwera kuchoka pa 280 kufika pa 313 tikagawa mofanana. Kwa wa 900 ndi kanthu kochepa, koma kwa wa 300, amene atalipira 263 anatsala ndi 37, kukwera kwa 33 kumeneku ndi pafupifupi ndalama yonse imene inatsala m'thumba mwake. Wokonza asalipire nyumba ndi ndalama zake poyembekeza kuti anzake amubwezera. Aike tsiku lomaliza lotumizira chikole, awerenge amene atumiza, ndipo ngati ndi 6 m'malo mwa 7, abwereze masamu onse ndi kuwaonetsa gulu asanasungitse nyumbayo. Ndalama yapadera ya 25 ija ikatsala, ibwezedwe kwa eni ake mkati mwa sabata imodzi mutabwerako, limodzi ndi ndandanda ya mmene zonse zinayendera.